Usadikire madzi kulowa m'nyumba

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, apongozi anga ndi adzukulu. Januwale wafika, ndipo mtima wanga uli pa nyumba yanuyo ya ku Kanyama, muno mu Lusaka.

Malo amenewo ndi athyathyathya, ndipo pansi pake pali thanthwe pafupi kwambiri. Mvula ikagwa masiku angapo, madzi amasowa kolowera, amangotumphuka pansi n'kukhala milungu. Chimbudzi cha dzenje chikadzaza, zonse zimasefukira pabwalo n'kulowa m'zitsime. Umo ndi mmene kolera imayendera. Sunaiwale mu 2024, odwala atadzaza ku bwalo la mpira la Heroes Stadium.

Choncho yamba ndi madzi akumwa. Tunga ku kiyosiki lero lomwe zigubu zitatu za malita 20, zotseka bwino, uziike pathebulo, osati pansi. Thira mankhwala a kolorini monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, ukhutchumule, udikire mphindi 30. Madziwo azimveka kafungo ka mankhwala pang'ono. Kakapanda kumveka, mankhwala aja asukuluka, gula ena. Madzi akakhala amatope, yamba wawasiya adikhe, usefe ndi nsalu yoyera, chifukwa matope amapha mphamvu ya kolorini. Ukasowa mankhwala, wiritsa mpaka abwate mphindi yathunthu. Ana asamapise kapu, uziwathirira wekha. Madzi a pachitsime, ngakhale aoneke mbee, asamwe munthu, asatsukire mbale.

Wina akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, sungunula masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Azimwa muli panjira yopita kuchipatala, usayembekeze kuche.

Za katundu sindichulutsa. Ziphaso, makadi a kusikelo, mapepala a nyumba ndi mankhwala, manga m'pulasitiki kawiri, uike m'chikwama chimodzi chopachika pafupi ndi chitseko. Thumba la ufa ndi makala zikwere pamwamba, bedi ulikweze pa mabuloko. Madzi akafika pakhomo, zimitsa magetsi pa swichi yaikulu, manja ndi mapazi zili zouma.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi ichi: gwirizana ndi amuna ako tsopano za tsiku lochoka, mitu ikadali yozizira. Chimbudzi chikangosefukira, ana achoke, ngakhale m'nyumba muli mouma. Khoma likachita mng'alu watsopano, kapena chitseko chikayamba kukana kutseka, maziko anyowa ndipo akusuntha. Pamenepo tulukani nonse, musagonemo. Ndikudziwa mumaopa akuba, koma wailesi idzagulidwa ina.

Muchoke masana. Madzi akuda amabisa zitsime, ngalande ndi maenje okumbamo miyala, ndiye wotsogola azigogoda pansi ndi ndodo, wamng'onoyo ali kumsana. Madzi othamanga, ngakhale olekeza m'mawondo, musawoloke.

Chipinda chako kuno ku Chelstone ndakonza kale, mphasa za ana zilipo. Undiimbire Loweruka, undiuze ngati zigubu zija wadzaza.

Ndine mayi ako.