Ndinayankha kasitomala mwamwano, ndikonze bwanji?

Zikomo Alangizi,

Ndikulemba usiku, tulo tandithawa. Lolemba kasitomala wanga wa zaka zinayi ananditumizira uthenga woti ndimuchotsereko 10 pa 100 iliyonse poti alipira kashi. Ndinayankha ndili chiimire: "Mtengo ndi womwewo, ngati simukufuna siyani." Chiyankhireni, bambowo ali zii.

Kulakwa ndinalakwa, koma mundimvetse. Pa 100 iliyonse imene ndagulitsa, phindu langa ndi 20. Ndikachotsa 10, theka la phindu lapita, thukuta lili lomwelo. Komanso bambo omwewa chaka chatha anachedwa kulipira miyezi iwiri, foni osayankha, ndipo tsiku lobweretsa ndalamazo ankandiseka kuti ndine wamtima wapachala. Ndinangomeza mate. Ndiye lero kulipira pa nthawi yake kwasanduka chifundo chondichitira? Za ngongole zanga sindinena pano, mungodziwa kuti oda imeneyi ndikuifuna.

Mtima utatsika ndinawerengera. Kashi imandipulumutsa ku zinthu ziwiri basi: kachindapusa kamene banki imadula munthu akalipira pa khadi, ndi kudikira masiku 30. Zimenezo ndingazigule ndi 2, osati 10. Ndalemba yankho lina, ndafufuta kasanu, latsala ili:

"Bambo, pepani chifukwa cha mmene ndinakuyankhirani Lolemba, simunalakwe kufunsa. Zikomo pogula kwa ife zaka zonsezi. Kuchotsa 10 sitingathe, koma tikuchotserani 2 pa 100 iliyonse mukalipira ndalama zonse pasanathe masiku 10 kuchokera tsiku lolembedwa pa invoisi. Kuchotseraku n'kwa katundu yekha, ya transipoti ikhala momwemo. Masiku 10 akadutsa mtengo ubwerera wakale, wolipira pofika tsiku la 30. Mukavomera ndilemba zimenezi pa invoisi, ndipo lisiti mulandira monga mwa nthawi zonse."

Mawu a lisitiwo ndawaika dala. Ena akati kashi amatanthauza kuti tisalembe paliponse, ndipo ine zimenezo ayi. Koma sadzaona ngati ndikuwaganizira zachinyengo? Nanga akatumiza kudzera ku banki tsiku lomwelo, ndiiwerenge ngati kashi? Ine ndikuona kuti inde, ndiye ndilembemo kapena ndidikire afunse okha?

Chikundiwawa kwambiri ndi "pepani" uja. Mkazi wanga akuti ndimusiye momwemo. Ine ndikuopa kuti akamuona adziwa kuti ndapanikizika, ayambe kukoka mpaka 5, kenako auze anzawo, aliyense azibwera ndi nyimbo yomweyo. Ndiwafotokozere za phindu langa kuti amvetse, kapena kumeneko n'kudzivula pagulu? Za miyezi iwiri ija ndinazilembamo kawiri, n'kuzichotsa kawiri. Iwo sanapepesepo ngakhale kamodzi.

Nditumize uthengawu m'mawa, kapena ndiyambe ndawaimbira?

Ine wosowa mtendere