Imvi za mkazi si mlandu

Akonzi,

Tileke kunyoza amayi chifukwa cha makwinya ndi imvi. Mayi anga atchola tiyi kuno ku Thyolo zaka zambiri, dzuwa lili pamutu, dengu kumsana. Khungu lidapsa, nkhope idachita makwinya msanga. Ku ukwati wina ndidamva anthu akunong'ona kuti afwifwa, pomwe bambo anga, a imvi zomwezo, adapatsidwa mpando kutsogolo ngati munthu wanzeru. Zidandiwawa kwambiri.

Vuto ndi loti mkazi timamuyeza ndi nkhope ndi kubereka, mwamuna ndi mawu ake. M'midzi ina agogo aakazi amafika ponamiziridwa ufiti chifukwa chongooneka okalamba.

Mafumu adzudzule zimenezi pabwalo, ndipo anankungwi aleke kulangiza atsikana ngati kuti banja limagwira ndi kukongola kokha.

Wokhudzidwa,
Thyolo