Lipoti la msonkhano wa alembi: za "ndina-" ndi "ana-"

Anzanga a m'gulu lathu la alembi, ndabwerako kumsonkhano komwe munandituma. Malisiti ndapereka kale kwa asungichuma, amene akukayika za alawansi akaone kumeneko. Za kalembedwe ka mitu ndi za zopumira zinali zomwe timadziwa kale.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la kusintha nkhani kuchoka pa woyankhula yekha kupita pa wokambidwa. Mphunzitsi anatipatsa ndime iyi: "Dzulo ndinafika kuno mochedwa, amayi anga anandiyang'ana osayankhula. Ndinachita manyazi." Ambirife tinangochotsa "ndi-" n'kuikapo "a-", basi. Koma "kuno" ayenera kukhala "kumeneko", "dzulo" akhale "dzulo lake", "anga" akhale "ake", chifukwa wofotokoza sakuimanso pamalo pamene mwini nkhani anaima.

Vuto lalikulu linabwera pa chiganizo chomaliza. Mukalemba "Anachita manyazi", anachita manyazi ndani, mwana kapena amayi? "A-" amanyamula onse awiri. Ndiye mumakakamizika kumutchula munthuyo, ndipo apa mpamene kamvekedwe kamasinthira. "Mtsikanayo anachita manyazi" akumveka ngati tikumumvera chisoni, pamene "Mkaziyo anachita manyazi" akumuika patali, ngati tikumuzenga mlandu. Poyamba munthu amaulula yekha zakukhosi, pano wina akumunena.

Kubwerera nako kuli ndi misampha yake. "Anali wolimba mtima" ndi chiyamikiro, koma "ndinali wolimba mtima" ndi kudzitama. Komanso "ndi-" sangalowe m'mutu mwa wina: "amayi ake anaganiza kuti wanama" ayenera kusanduka "ndinaona ngati amayi akuganiza kuti ndanama". Mukapeza wofotokoza akudziwa zimene sanaone kapena kumva, dziwani kuti kusinthako sikunathe.

Pamapeto nthumwi zinagwirizana kuti malipoti onse a magulu azilembedwa ngati wolemba akukamba za ena, ati kuti azimveka opanda mbali. Ine ndinakana, ngakhale manja athu anachepa. Pa maminitsi ndikuvomera, koma "komiti inalephera kusindikiza kalata" ndi pobisalira pabwino kwa munthu amene sakufuna kunena kuti "ndinalephera". Tonse tikukumbukira maminitsi athu a chaka chatha aja akuti "ndalama za mpikisano sizinabwezedwe". Sizinabwezedwe ndi ndani? Mpaka lero palibe wayankha.

Ndipo poti tafika pamenepa, nkhani ya membala wathu ija yomwe akonzi anaichotsa pa "ndi-" n'kuiika pa "a-" osamufunsa: anafotokoza yekha za imfa ya mwana wake, ife tinaisandutsa ngati nkhani ya munyuzipepala. Ndikupempha kuti tikakumana mwezi wamawa tikhazikitse lamulo loti mkonzi asasinthe wofotokoza popanda chilolezo cha mwini nkhani, ndipo ndime ya mphunzitsi ija ndibwera nayo kuti aliyense aiyese.