Tiyambe tayezetsa magazi tisanamwe LA

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za chizolowezi chomwa mankhwala a malungo munthu asanayezetse magazi. Thupi likangotentha, kuzizidwa n'kuphwanya m'thupi zikabwera, ambiri timagamuliratu kuti ndi malungo. Komatu chibayo, taifodi, chimfine chachikulu ngakhalenso matenda oumitsa khosi amayamba chimodzimodzi. Ngakhale dokotala wodziwa bwino ntchito yake sangazisiyanitse pongomuyang'ana wodwala. N'chifukwa chake kuyambira mu 2010 bungwe la WHO limalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayambe wayezedwa.

Tiyerekeze mwana wa zaka zitatu amene thupi latentha, akutsokomola ndipo sakudya. Mayi ake akumupatsa LA wotsala m'nyumba, kawiri patsiku kwa masiku atatu. Akanapita naye kuchipatala, akanamubaya pachala n'kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 akanaona mzere umodzi wokha, kusonyeza kuti malungo mulibe. Apo wachipatala akanawerenga kapumidwe kake. Mwana wa msinkhu umenewu akamapuma maulendo 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kawirikawiri chimakhala chibayo, ndipo mankhwala ake ndi amokisilini. LA sakhudza n'komwe tizilombo ta chibayo. Masiku atatu aja matenda akhala akungokula m'mapapo, makolo ali phee poganiza kuti mwana ali pa mankhwala.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi amene amayezetsa ndithu, koma akauzidwa kuti malungo sanapezeke amatuluka akung'ung'udza kuti makinawo ndi abodza, n'kukagula okha mankhwala. Zoona, kachipangizoka kamaphonya nthawi zina, makamaka tizilombo tikakhala tochepa kwambiri m'magazi. Koma zikatero chofunika n'kubwereranso thupi likapitiriza kutentha, kuti ayezenso kapena aunike magaziwo pa maikulosikopu. Ndipo musatuluke m'chipinda cha dokotala musanafunse kuti, ngati si malungo, nanga n'chiyani?

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Kachipangizoka nthawi zambiri sikaona tizilombo tenitenito, kamangopeza zinthu zimene tizilomboto timasiya m'magazi, ndipo zimenezi zimatha kukhalamo kwa milungu ingapo munthu atachira. Choncho amene wamwa mankhwala a malungo posachedwapa anene asanayezedwe, kuopa kumupatsanso LA pamene chikumudwalitsa ndi china.

Sindikunena kuti tizizengereza ayi. Malungo amatha kufika poipa m'tsiku limodzi lokha, makamaka kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, ndiye kuyezetsa kuzichitika tsiku lomwelo thupi latentha. Panado angathandize kuziziritsa thupi panjira, ndipo sasokoneza zotsatira. Koma mwana akamakomoka, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kapena khosi likauma, thamangani naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito