Mwana wanga wayamba kunena zoona, koma akuchita kuwerengera phindu

Alangizi,

Ndine mayi wa mnyamata wa zaka 13. Njira yomwe ndinasankha yomuphunzitsira kunena zoona yathandiza mbali imodzi, koma mbali inayo ikundisowetsa tulo, ndiye ndati ndipemphe nzeru kwa inu.

Mwanayu si wakuba, si wamwano. Bodza lake linali la mantha. Akaswa kapu, akataya buku, akalephera mayeso, ankayamba wakana, maso ali pansi, chala chikukanda m'mphepete mwa tebulo. Zoti bodza ndi loipa ankadziwa bwinobwino, moti ukamufunsa ankatha kukufotokozera kuposa munthu wamkulu. Chomwe ankasowa ndi kulimba mtima pa kanthawi kochepa kaja, funso likafunsidwa yankho lisanatuluke. Ndinaona kuti kumulalikira sikungachotse mantha.

Ndili ku koleji ndinaphunzirako maganizo a Aristotle, Mgiriki uja anabadwa mu 384 BC n'kumwalira mu 322 BC, ndipo mfundo yake imodzi inandikhala m'mutu. Iye ankati khalidwe labwino sitibadwa nalo, komanso silitsutsana ndi chibadwa chathu. Timabadwa okhoza kulilandira, koma chimalikhwimitsa ndi chizolowezi. Munthu amakhala mmisiri wa nyumba pomanga nyumba, amakhala woimba zeze poimba zeze, ndipo momwemonso amakhala wolungama pochita zolungama, wolimba mtima pochita zofuna kulimba mtima. Ndinaganiza kuti ngati zili choncho, mwana wanga akufunika mipata yambiri yonenera choonadi chowawa pang'ono, kufikira thupi lake litazolowera kuti akanena safa.

Tinagwirizana zinthu zitatu. Ndikamufunsa funso lovuta, ali ndi ufulu wokhala chete kwa mphindi imodzi asanayankhe, chifukwa bodza lake linkatuluka mothamanga. Akanama, ali ndi mpata mpaka nthawi yogona kuti abwere adzanene kuti, "Amayi, zija ndinanena si zoona," ndipo ndimamvetsera osakweza mawu. Chachitatu, akaulula yekha ndisanatulukire, amakonza chomwe wawononga koma chilango chimachepa.

Poyamba ankabwera usiku ndithu, atazungulirazungulira pakhomo pa chipinda changa, mawu akunjenjemera. Patapita miyezi anayamba kubwera madzulo, kenako kumangonena nthawi yomweyo. Chala chija chinasiya kukanda tebulo. Ndinasangalala kwambiri.

Posachedwapa mpira wake unaswa galasi la zenera la aneba. Panalibe amene anaona. Sananene kwa ine, sananene kwa iwo, mpaka mlongo wake wamng'ono ndi amene anandinong'oneza. Nditamufunsa sanakane, koma yankho lake linandibaya. Anati, "Zija tinagwirizana ndi za m'nyumba muno. Kwa aneba ndikanaulula, bwenzi atangondikalipira basi." Tinapita limodzi kukapepesa ndipo akulipira galasilo pogwira ntchito, koma mawu aja sanandichoke. Zikuoneka kuti mwana wanga waphunzira kuti kuulula n'kotsika mtengo kuposa kugwidwa. Kumeneko si kukonda choonadi.

Aristotle yemweyo anaziona zimenezi. Ankati kuchita cholungama sikukwanira kuti munthu atchedwe wolungama. Wochitayo ayenera kudziwa chomwe akuchita, achisankhe chifukwa cha ubwino wa chinthucho osati chifukwa cha mphotho, ndipo achichite ndi mtima wokhazikika, wosasinthasintha. Mwana wanga ali ndi choyambacho. Chachiwiri alibe, ndipo zenera lija landionetsa kuti chachitatunso alibe. Apa ndi pamene maganizo a Aristotle amandisiya panjira. Amanena kuti kubwerezabwereza ndi kumene kumafikitsa munthu pa mtima wokhazikikawo, koma anachenjezanso kuti pomanga pomwepo ndi pamene pamatuluka amisiri abwino ndi amisiri oipa. Womanga mokhota akabwereza zaka zambiri amangokhwima pa kukhotako. Ndiye ndikudzifunsa kuti, miyezi yonseyi mwanayu wakhala akuzolowera chiyani kwenikweni, kunena zoona kapena kuwerengera?

Chinanso chondidetsa nkhawa ndi kafukufuku wa Hugh Hartshorne ndi Mark May wa ku America, yemwe anatuluka mu 1928. Iwo anayesa ana asukulu ambirimbiri powapatsa mipata yobera mayeso, yonama ndi yoba, ndipo anapeza kuti mwana wokhulupirika pamalo ena sizitanthauza kuti akhala wokhulupirika paliponse. Ena amati zimenezi zikusonyeza kuti malo ndi amene amalamula zochita za munthu kuposa khalidwe. Ine sindivomereza mpaka pamenepo, chifukwa awa anali ana, anthu omwe khalidwe lawo likadaumbidwa. Koma ndikuvomereza kuti chizolowezi chophunziridwa m'chipinda chimodzi, pamaso pa munthu mmodzi, chikhoza kukhalira momwemo osatuluka panja.

Vuto lachiwiri ndi losiyana ndi loyambalo, ndipo landitengera nthawi kuti ndione kuti n'zogwirizana. Pa nkhani za anthu ena, mwanayu tsopano sasunga pakamwa. Mlongo wake atajambula chithunzi n'kumuonetsa monyadira, iye anati n'chonyansa, alendo ali pomwepo. Kamtsikanako kanapinda pepalalo pang'onopang'ono n'kukalibisa pansi pa pilo. Nditamudzudzula anati, "Si munati ndizinena zoona?" Choonadi chomwe chimapweteka wina amachinena mosavuta, chomwe chimapweteka iye mwini amayamba waona mtengo wake.

Ndikudziwa kuti Aristotle ankati khalidwe labwino lili pakati pa kuperewera ndi kupyola muyeso, monga kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya pangozi mosaganiza. Pakatipo sipapezeka ndi masamu. Pamafunika kuona munthu woyenera, nthawi yoyenera, cholinga choyenera ndi kanenedwe koyenera, ndipo zimenezi zimafuna nzeru yomwe iye ankati achinyamata sakhala nayo chifukwa imabwera ndi kuona zambiri. Analangizanso kuti munthu adzikokere ku mbali yosiyana ndi komwe amapendekera, monga amachitira owongola thabwa lokhota. Koma wanga wapendekera mbali ziwiri nthawi imodzi. Ndikamukokera ku kulankhula mosabisa, mlongo wake ndi amene alire. Ndikamukokera ku kusamala mawu, ndikuopa kuti amva ngati ndamulola kubwerera ku kubisa.

Ndiye ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndichotse pangano la kuchepetsa chilango lija? Mtima wina ukundiuza kuti linali ngati poyambira chabe ndipo nthawi yake yatha, koma ndikuopa kuti ndikalichotsa mwadzidzidzi adzaona ngati ndamupusitsa, n'kutseka pakamwa kotheratu. Ngati n'kulichotsa pang'onopang'ono, ndiyambire pati?

Ndingamupatse bwanji mipata yonenera zoona kunja kwa nyumba, kwa aphunzitsi, kwa aneba, kwa anzake, kumene sindingamulonjeze kuti amulandira mofatsa, popanda kumutchera misampha? Kumuyesa mwachinyengo sindikufuna, chifukwa sindingaphunzitse choonadi ndi bodza.

Ndipo ndidzadziwira chiyani kuti zalowa mumtima? Aristotle ankati chizindikiro ndi chomwe munthu amakondwera nacho kapena kuwawidwa nacho pochita chinthucho. Wanga akaulula amaoneka womasuka, koma sindikutha kusiyanitsa ngati wamasuka chifukwa watula chomwe chimamulemera, kapena chifukwa wapulumuka chilango chachikulu. Kodi pa zaka 13 kuwerengera kotereku ndi njira yomwe ana ambiri amadutsamo, yoti ndingodekha nayo, kapena pali china choti ndisinthe panopa asanakhwimirepo?

Ine,
Mayi wothedwa nzeru