Mkangano wa malilime ndi uneneri wagona pa mawu amodzi a Paulo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya malilime ndi uneneri, chifukwa kwathu yagawa banja. Mayi anga amapemphera tchalitchi cha makolo ndipo akamva munthu akuyankhula malilime amangoti ndi phokoso, pomwe mlongo wanga wa kufelosipu amati mayi sanalandire Mzimu. Onsewa Baibulo amawerenga limodzimodzi, ndiye ine zimandipweteka ndikamamva anthu akuti enawo ndi osapemphera kapena enawo ndi openga, pamene nkhani yeniyeni ili pa kamvedwe ka mavesi ochepa chabe.

Pa 1 Akorinto 13:8-10 Paulo akuti uneneri udzatha, malilime adzaleka, ndipo izi zidzachitika changwiro chikadzafika. Kuti zidzatha palibe amatsutsa, funso ndi lakuti changwirocho ndi chiyani. Ambiri mwa amene amati mphatsozi zinatha amati ndi kumalizidwa kwa Baibulo, kuti zizindikirozo zinali zotsimikizira uthenga wa atumwi, maziko atayikidwa monga akunenera Aefeso 2:20 sitikumbanso maziko ena, ndiye munthu akaima lero nkunena kuti "atero Yehova" ndiye kuti akuwonjezera pa malemba. Mantha awowo ine ndimawamvetsa ndithu. Koma enawo amati werengani mpaka vesi 12, pamene akuti tidzaona maso ndi maso, kodi pali amene wamuona kale Ambuye maso ndi maso? Ndiye changwiro ndi kubweranso kwa Yesu, ndipo mphatso zikadalipo. Apa ine ndili mbali ya achiwiriwa, vesi 12 ija sindinapezepo njira yoizembera.

Palinso kusamvana pa malilimewo kuti ndi chiyani. Pa Machitidwe 2 zinali ziyankhulo za anthu, Aparti, Amedi, Aelami aliyense ankamva chakwawo, ndiye mayi anga amafunsa kuti nanga bwanji za lerozi palibe Myao kapena Mtumbuka amene amazimva? Mlongo wanga amayankha ndi 1 Akorinto 14:2, yoti woyankhula lilime sayankhula ndi anthu koma ndi Mulungu ndipo palibe akumva. Chinakulitsa mkanganowu ndi chiphunzitso chomwe chinayamba ndi Charles Parham ku Topeka, ku America, mu 1901 nkufalikira ndi chitsitsimutso cha ku Azusa, mumzinda wa Los Angeles, mu 1906, choti malilime ndiye umboni woyamba wakuti munthu wabatizidwa ndi Mzimu Woyera. Apa ndiye ndimasiyana ndi mlongo wanga, chifukwa Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 12:30 akufunsa kuti kodi onse amayankhula malilime, ndipo yankho lake ndi ayi. Mayi amene watilera ndi mapemphero zaka zonsezi ungamuuze bwanji kuti alibe Mzimu?

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi mutu 14 wa 1 Akorinto, umene mbali zonse ziwiri zimawerenga theka. Malamulo ake ndi omveka bwinobwino, oyankhula malilime mumsonkhano akhale awiri kapena atatu basi, motsatana, wina amasulire, ndipo ngati palibe womasulira munthuyo akhale chete aziyankhula ndi Mulungu wake. Aneneri nawonso awiri kapena atatu, ndipo enawo aziyesa zomwe zanenedwa. Vesi 39 ikuti musaletse kuyankhula malilime, vesi 40 ikuti zonse zichitike mwadongosolo, ndiye ena anatenga 39 yokha ena 40 yokha.

Ndinapita ndi mlongo wanga kumapemphero ena a usiku wonse, sinditchula malo. Anthu onse anauzidwa kuti ayambe malilime nthawi imodzi, wotsogolera ali pa maikolofoni, womasulira panalibe. Kenaka mneneri analoza mayi wina nkumuuza kuti amene akumutsekera mimba ndi apongozi ake, ndiponso kuti mwezi usanathe apongoziwo adzadwala poti moto wabwezedwa. Palibe mkulu ngakhale mmodzi anaima kuti tiyeni tiyese mawuwa. Mwezi unatha, miyezi itatu inatha, agogowo ali bwinobwino akulima, koma mpongozi wawo anali atasiya kale kudya nsima yawo ndipo mpaka pano sapatsana moni. Deuteronomo 18:22 imanena poyera kuti mawu akapanda kuchitika ndiye kuti Yehova sananene, ndipo 1 Akorinto 14:3 imati uneneri ndi womangirira, kulimbikitsa ndi kutonthoza, pamenepa unamanga chiyani? Mneneriyo sanabwerenso kudzapepesa, ndipo palibe anamufunsa.

Nditawafotokozera mayi anga anati wawonatu, nchifukwa chake ife tinazikana. Ndinawauza kuti 1 Atesalonika 5:20-21 sikuti kanani, ikuti musanyoze maulosi koma yesani zonse, sungani chabwinocho. Pempho langa kwa abusa ndi akulu ampingo amene amalola uneneri ndi loti mawu aliwonse onenedwa pagulu, makamaka otchula munthu kapena tsiku, azilembedwa m'kope, nthawi yake ikakwana aziwerengedwanso pamaso pa mpingo womwewo.

Ine wowerenga wanu,
ku Ndirande, Blantyre