Kapepala ka odwala BP kakhale ka zithunzi

Akonzi,

Ndikugwirizana ndi ganizo lopatsa odwala BP kapepala ka zithunzi akamatuluka m'chipatala. Mayi anga sadziwa kuwerenga, ndipo analeka kumwa mankhwala mutu utasiya kuwawa, poganiza kuti achira, chonsecho BP imatha kukwera popanda chizindikiro chilichonse.

Choncho chithunzi cha dzuwa likutuluka pambali pa piritsi chionetse nthawi yomwera mankhwala tsiku lililonse, ndipo supuni yaing'ono imodzi ionetse mchere wosayenera kupitirira pa tsiku. Tsiku lobwerera kukayezetsa lizunguliridwe pa kalendala. Nkhope yopotoka ndi mkono wofooka zijambulidwe poyera, kuti achibale akaona zizindikiro zimenezi pa wodwala athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Namwino asamangopereka kapepalako, koma azimupempha wodwalayo kuti afotokoze yekha zimene waona.

Wowerenga wanu